Nsalu inagulidwa mu Julaye, sukulu inalipira mu Okutobala: phindu linali la mwezi uti?

Mlamu wanga ali ndi shopu yosokera ku Kawale, ndipo kumapeto kwa Ogasiti wina anandiitana atakhumudwa kwambiri. Anatulutsa kope lake lachikuto cholimba lija amalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, naliika pamwamba pa makina. "Alamu, taonani nokha. Miyezi iwiri ndakhala ndikugona pakati pausiku, koma kope likuti ndaluza ndalama zoposa mamiliyoni atatu. Oda ya sukulu sindidzatenganso."

Kopelo silinali kunama. Ndalama iliyonse inalembedwa pa tsiku lake lenileni. Vuto linali lakuti mlamu wanga ankalifunsa funso lomwe kope lotere silingayankhe. Iye ankafuna kudziwa ngati ntchito yosoka mayunifolomu ikupindula, pomwe kopelo limangodziwa kunena ngati m'thumba mwalowa kapena mwatuluka ndalama.

Pali njira ziwiri zolembera mabuku a bizinesi. Yoyamba ndi ya kashi, yomwe ambirife timatsata osaphunzitsidwa: ndalama ikalowa walemba kuti wapeza, ikatuluka walemba kuti wawononga. Yachiwiri akadaulo a zowerengera chuma amaitcha akiruwo. M'njira imeneyi malonda amalembedwa pa nthawi yomwe wapereka katundu kapena wamaliza ntchito, kaya walipidwa kaya ayi. Ndalama zowonongedwa nazo zimalembedwa pa nthawi yomwe zagwira ntchito yake yobweretsa malondawo, osati tsiku lomwe zinachoka m'manja. Nsalu yomwe yasoka yunifolomu imadikira m'buku mpaka tsiku lomwe yunifolomuyo wagulitsidwa, kenako ziwirizi zimakumana patsamba limodzi. Kukumanitsa kumeneku ndiye mtima wa nkhani yonse, ndipo kumamveka bwino tikatsata miyezi inayi ya shopu imodzi. Manambala ndawasalaza kuti asavute kuwerengera, ndipo tinthu ting'onoting'ono monga mayunitsi a magetsi ndi thiransipoti ndatisiya pambali.

Sukulu ina yoyima payokha inapereka oda ya mayunifolomu 200, aliyense pa K20,000, zonse pamodzi K4,000,000. Popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ntchito inayenera kutha Ogasiti asanathe. Mu Julaye sukulu inapereka dipoziti ya K1,000,000, n'kulonjeza kuti zotsalazo idzamaliza makolo akalipira fizi. Mwezi womwewo mlamu wanga anapita m'tauni kukagula nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani za K3,000,000, zokwanira mayunifolomu 300, chifukwa ankadziwa kuti makolo ena adzabwera okha kudzagula. Ndiye kuti yunifolomu aliyense amadya zipangizo za K10,000. Anagulanso makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, pa K1,200,000, nalipira lendi ya miyezi itatu, K450,000, monga eni nyumba ambiri mu Lilongwe muno amafunira.

Mu Ogasiti matelala anasoka mayunifolomu 200 aja, ndipo anakaperekedwa kusukulu mwezi usanathe. Matelalawo amalipidwa K3,000 pa yunifolomu, ndiye K600,000, koma analandira pa 5 Seputembala. Mu Seputembala anasoka 100 otsala aja n'kulipidwa K300,000 mwezi womwewo. Makolo anagula 60 pa kashi, K1,200,000, ndipo 40 anatsala pa shelefu. Mu Okutobala sukulu inamaliza K3,000,000 yake, mlamu wanga nalipiranso lendi ya miyezi itatu ina. Palibe chomwe chinasokedwa kapena kugulitsidwa mwezi umenewo.

Kope la kashi linkati Julaye waluza K3,650,000, pakuti zinalowa K1,000,000 n'kutuluka K4,650,000. Tsamba la Ogasiti, mwezi womwe makina ankalira usana ndi usiku, linali loyera: palibe cholowa, palibe chotuluka. Seputembala anasonyeza phindu la K300,000. Okutobala, mwezi womwe matelala ankangocheza pakhonde, anaoneka ngati mwezi wamwayi, phindu K2,550,000. Munthu wokhulupirira kope limeneli angaganize kuti bizinesi imayenda bwino anthu akakhala chete, ndipo imagwa akamagwira ntchito.

Tsopano tiyambirenso Julaye ndi njira ya akiruwo. Pa ndalama iliyonse yotuluka timafunsa kuti, kodi yatha ntchito, kapena yangosintha maonekedwe? K3,000,000 ya nsalu sinathe. Ili pakona apo, mipukutu yake mutha kuigwira ndi manja. Ndalama yasanduka sitoko, ndipo sitoko ndi chuma cha bizinesi, choncho mu Julaye sitichotsa ngakhale tambala ya nsalu pa phindu. Lendi ya K450,000 yagula miyezi itatu, koma Julaye wadya gawo limodzi lokha, K150,000. K300,000 yotsalayo ili ngati ngongole yomwe mwini nyumba ali nayo kwa ife, adzaibweza potisiya kukhala m'shopu mu Ogasiti ndi Seputembala.

Makina ndiwo amasokoneza anthu ambiri. Ovaloko sinagulidwe chifukwa cha oda imodzi. Idzasoka zovala zaka zingapo, ndiye si chilungamo kuti Julaye yekha asenze mtengo wake wonse. Tinagwirizana kuti itha kugwira ntchito zaka zisanu, miyezi 60. K1,200,000 kuigawa pa 60 ikupereka K20,000 pa mwezi. Imeneyi ndi dipirisiyeshoni, kapena kuti kutha kwa makina pang'onopang'ono. Palibe yemwe amalandira K20,000 imeneyi mwezi ndi mwezi, ndalama inatuluka kale. Tikungogawira mwezi uliwonse katundu wake woti usenze.

Nanga dipoziti ija? Apa mpomwe mlamu wanga anatsutsa. "Ndalama ili m'manja mwanga, ndagulira kale nsalu, inu mukuti si yanga?" Ndinamufunsa kuti shopu ikanapsa usiku umenewo, sukulu ikanatani. Anayankha yekha kuti ikanafuna ndalama zake. Dipoziti ndi ngongole mpaka tsiku lomwe wapereka katundu. Choncho Julaye analibe malonda, anangodya lendi ya K150,000 ndi makina K20,000. Kuluza kwake kwenikweni kunali K170,000, osati K3,650,000.

Ogasiti ndiye mwezi womwe zonse zinakumana. Tsiku lomwe mayunifolomu 200 analandiridwa kusukulu n'kusainidwa, malonda a K4,000,000 anachitika. Dipoziti ija inasiya kukhala ngongole n'kukhala malonda, ndipo K3,000,000 yotsala inalembedwa ngati ndalama yomwe sukulu ikuyenera kutipatsa. Kenako timaitana zonse zomwe zinathandiza kuti malonda amenewa atheke. Nsalu ya mayunifolomu 200 imachoka m'sitoko n'kubwera patsamba la Ogasiti, K2,000,000. Malipiro a matelala K600,000 amalembedwanso mu Ogasiti ngakhale anaperekedwa mu Seputembala, chifukwa thukuta linagwa mu Ogasiti, ndipo pa 31 Ogasiti shopu inali kale ndi ngongole kwa iwo. Onjezani lendi ndi makina, K170,000. Zonse pamodzi ndi K2,770,000, ndipo phindu la Ogasiti ndi K1,230,000.

Seputembala ali ndi kamsampha kake. Matelala analipidwa K300,000 posoka 100, koma anagulitsidwa ndi 60 okha. Yunifolomu womalizidwa aliyense wadya K13,000, ndiye kuti K10,000 ya zipangizo ndi K3,000 ya telala. Patsamba la Seputembala pamabwera mtengo wa 60 okhawo, K780,000. Malipiro a telala wosoka 40 otsalawo sanatayike, alowa m'mayunifolomu omwe ali pa shelefu, omwe tsopano akuwerengedwa K520,000. Phindu la Seputembala ndi K1,200,000 kuchotsa K780,000 kuchotsanso K170,000, kutsala K250,000. Okutobala, ngakhale kunalowa K3,000,000, analibe malonda. Sukulu inangobweza ngongole yake. Mweziwo unadya K170,000 ya lendi ndi makina, basi.

Muona kuti ndalama zowonongedwa sizikumana ndi malonda m'njira imodzi. Nsalu ndi telala mutha kuziloza pa yunifolomu weniweni, ndiye zimayenda naye limodzi. Makina amagawidwa pa nthawi yomwe adzatumikire. Lendi imatha ndi mwezi wake, kaya mwagulitsa kaya ayi. Kufakitale yaikulu gawo la lendi ndi kutha kwa makina a malo opangira katundu limalowetsedwanso mu mtengo wa sitoko, ndipo malamulo a zowerengera amafuna zimenezo, koma pa shopu ya makina anayi ndinaona kuti kutero kungangobisa mfundo.

Tikaphatikiza miyezi inayi yonse, kope la kashi likuti shopu yaluza K800,000, pomwe akiruwo ikuti yapindula K1,140,000. Kusiyana kwake ndi K1,940,000, ndipo chomwe ndimakondera njira imeneyi n'chakuti kusiyanako si nkhambakamwa, mutha kukuloza ndi chala. K520,000 ili pa shelefu m'mayunifolomu 40. K1,120,000 ili m'makina, omwe achotsedwa K80,000 ya miyezi inayi. K300,000 ili kwa mwini nyumba, lendi ya Novembala ndi Disembala. Phatikizani zitatuzi mupeza K1,940,000 ndendende. Mabuku a akiruwo akalembedwa bwino, kusiyana kwa phindu ndi ndalama kumafotokozeka motere mpaka kwacha yomaliza, bola mutawerengeranso zomwe mwini wake waikamo kapena kutengamo ndi ngongole zomwe wakongola. Kukakanika kufotokozeka, dziwani kuti china chake chalembedwa molakwika kapena chasowa. Ndipo bizinesi ikadzatsekedwa, zonse zitagulitsidwa, ngongole zonse zitabwezedwa, njira ziwirizi zimapereka nambala imodzi. Zimasiyana pa funso lakuti phindu ndi la nthawi iti.

Wina angati nanga zili ndi kanthu, poti mapeto ake n'chimodzimodzi? Zili ndi kanthu chifukwa zosankha sizidikira mapeto. Mlamu wanga anatsala pang'ono kusiya ntchito yomwe inamupatsa K7,000 pa yunifolomu aliyense asanachotse lendi. Komanso akanayang'ana tsamba la Okutobala lokha, akanatha kutenga K2,550,000 ija ngati phindu n'kuyamba kumanga mpanda kunyumba, pomwe mbali yaikulu ya ndalamayo ndi mpamba wa nsalu womwe wangobwerera. Mabizinesi ambiri ang'onoang'ono amafa chonchi: mwini wake wadya mpamba akuganiza kuti akudya phindu. Pakakhala anthu awiri ogawana phindu pakutha pa chaka, kapena banki yofuna kuona mabuku, nkhani imakula. Chaka chikanathera pa 31 Julaye, kope la kashi likanasonyeza chaka choipa chotsatiridwa ndi chaka chabwino, zonse ziwiri zabodza. N'chifukwa chake malamulo apadziko lonse a zowerengera chuma otchedwa IFRS, omwe makampani a m'Malawi amatsata polemba malipoti awo a zachuma, amafuna njira ya akiruwo, ndipo ndi yomwe aliyense wophunzira za akawunti pansi pa ICAM, bungwe la maakawuntanti m'Malawi, amaphunzitsidwa.

Koma mlamu wanga anali ndi mfundo yake, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Nditamuonetsa phindu la K1,230,000 la Ogasiti anangoti, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Matelala ndiwalipira ndi pepala lanulo?" Ankanena zoona. Pa 5 Seputembala pankafunika K600,000 yeniyeni, ndipo phindu lonse linali m'manja mwa sukulu. Chinamupulumutsa ndi makolo omwe anayamba kugula sabata yotsegulira. Bizinesi itha kukhala ndi phindu pa pepala n'kutsekedwa chifukwa chosowa ndalama yolipira lero. Ngakhale makampani akuluakulu amakakamizidwa kulemba lipoti lina losonyeza mmene ndalama zalowera ndi kutuluka, pambali pa lipoti la phindu. Kope lachikuto cholimba lija sitinalitaye.

Chofooka chachikulu cha akiruwo n'chakuti imadalira kuganiza kwa munthu. Kope la kashi silifuna maganizo a wina aliyense, ndalama yalowa kapena sinalowe. Koma ndani ananena kuti ovaloko idzakhala zaka zisanu? Ndife. Tikanati zaka khumi, dipirisiyeshoni ikanakhala K10,000 pa mwezi ndipo phindu likanakwera popanda chosintha chilichonse m'shopu. Magetsi akadzabwera mwamphamvu n'kuotcha mota chaka chachiwiri, mtengo wonse wotsala m'buku udzayenera kuchotsedwa nthawi imodzi.

Mayunifolomu 40 aja ndi chitsanzo china. Tawawerengera K520,000 poganiza kuti adzagulitsidwa. Sukulu ikasintha mtundu wa nsalu kapena baji chaka chamawa, ndani adzawagule? Lamulo lake ndi lakuti sitoko ilembedwe pa mtengo womwe inadya kapena pa ndalama yomwe ingabweretse ikagulitsidwa, potengera chomwe chili chochepa. Ngati tsopano angagulitsidwe K5,000 aliyense, sitoko yatsika kufika K200,000, ndipo K320,000 iyenera kulembedwa ngati yotayika mwezi womwe tazindikira, osadikira tsiku logulitsa. Apa lamulo lokumanitsa limagonja. Ndalama imaloledwa kudikira m'buku pokhapokha ngati pali malonda enieni omwe ikuwadikira. Ngati palibe, kuisunga ngati chuma ndi kudzinamiza.

Chimodzimodzi ndi ngongole ya sukulu. Tinalemba K4,000,000 mu Ogasiti tikukhulupirira kuti idzalipidwa. Ikanapanda kulipidwa, phindu la Ogasiti likanakhala loto. Choncho wolemba mabuku wosamala, ngati amadziwa kuti mwa makasitomala ake okongola ena salipira, amapatula gawo lina la ngongolezo ngati lokayikitsa nthawi yomweyo, osadikira kuti chaka chithe akuyendera ndalama yomwe sidzabwera.

Pali chinanso chomwe ife a kuno tachiona ndi maso. Akiruwo imakumanitsa malonda a lero ndi mtengo wa nsalu wa tsiku lomwe inagulidwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nsalu zambiri zimachokera kunja. Telala yemwe anagula nsalu kwacha isanagwe n'kugulitsa itagwa anaona phindu lokongola m'buku, koma atabwerera kusitolo anapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso mipukutu yomwe ankagula kale. Bukulo silinalakwe masamu, koma phindu lomwe likusonyeza si lonse loti n'kudya. Poika mtengo wa oda yatsopano, funsani mtengo wa nsalu wa lero, osati wa m'buku.

Mungadziwe bwanji kuti mabuku a akiruwo ayamba kunama, kaya mwangozi kaya mwadala? Chizindikiro choyamba ndi phindu lomwe likukwera mwezi ndi mwezi pomwe ndalama kubanki ikutsika, popanda makina atsopano kapena china chooneka chomwe chagulidwa. Zikatero yang'anani ngongole za makasitomala, muzilembe potengera ukalamba wake: za mwezi umodzi, za miyezi itatu, zopitirira apo. Zakalezo zikamachuluka, malonda ena ndi a pakamwa chabe. Kenako werengani sitoko ndi manja, osakhulupirira buku. Mtengo wa katundu wogulitsidwa umapezeka potenga sitoko yoyambira, kuphatikiza zogulidwa, n'kuchotsa sitoko yotsala, ndiye aliyense wokweza sitoko yotsala ndi K100,000 wakwezanso phindu ndi K100,000. Pomaliza onani masiku ozungulira kutha kwa mwezi. Invoisi yolembedwa pa 31 katundu n'kutuluka pa 3, kapena bilu ya mwezi uno yobisidwa m'dirowa kuti ilembedwe mwezi wamawa, ndi njira zakale kwambiri zokometsera phindu, ndipo oyendera mabuku amayambira pomwepo.

Sikuti aliyense akufunika zonsezi. Mayi wogula tomato m'mawa ku msika wa Wakawaka n'kumaliza kugulitsa madzulo, wopanda wokongola, wopanda makina, kope la kashi limamuuza zoona, pakuti kugula, kugulitsa ndi kulipidwa zonse zimachitika tsiku limodzi. Njira ziwirizi zimatalikirana pamene nthawi yalowa pakati: wogula soya mu Meyi kuti adzagulitse mitengo ikakwera, woweta nkhuku yemwe chakudya amagula mwezi uno nkhuku n'kugulitsa mwezi wamawa, womanga nyumba wolandira ndalama ntchito isanayambe, kapena aliyense wopereka katundu ku maofesi omwe amalipira patapita miyezi.

Mlamu wanga sanagule kompyuta kapena kulemba ntchito akawuntanti. Anagula kope lachiwiri. Tsiku lomaliza la mwezi amatseka shopu msanga, n'kuwerenga mipukutu ya nsalu ndi zovala zomalizidwa. Amalemba omwe atenga katundu osalipira, ndi omwe alipira katundu asanatenge. Amalemba zomwe shopu yadya koma sinalipire, monga matelala, ndi zomwe yalipiriratu, monga lendi, kenako amachotsa K20,000 ya ovaloko. Zimamutengera ola limodzi ndi theka. Chaka chotsatira sukulu ija itabweranso ndi oda, anaitenga pa mtengo womwe anawerengera ndi nsalu ya tsiku limenelo, koma anapempha kuti dipoziti ikhale theka la ndalama yonse, ndipo gawo lina liperekedwe tsiku lotula mayunifolomu, kuti malipiro a matelala asadzadikirenso makolo.